Zimene kompyuta ya sukulu imafufuza usiku

Ahedi akalandira uthenga wa m'mamawa wakuti zonse zili bwino, ambiri amaganiza kuti malikisi ndi mafizi zatsimikizidwa. Sizili choncho, ndipo wosamalira makompyuta ayenera kuwauza mosabisa.

Atha kunena kuti: "Bwana, usiku uliwonse pulogalamu imakopera kaundula wa ophunzira n'kumuika pa disiki ina. Kenako imaona ngati zokoperazo zikufanana ndi zoyamba, komanso ngati disikiyo ikadali ndi malo. Ntchito yake imathera pomwepo."

Kulondola kwa zolembedwazo pulogalamu sikudziwa. Mwana wa Folomu 2 akapeza 74 pa masamu, kalaliki n'kulemba 47, iyo idzasunga 47 yemweyo ndi kunena kuti zili bwino. Wogwira cholakwacho ndi mphunzitsi amene wayerekeza ndi pepala la mayeso.

Magetsi akazima usiku, kufufuza sikuchitika konse. Choncho uthenga ukapanda kufika, ahedi afunse tsiku lomwelo.

Ndipo kamodzi pa teremu, wina atsegule zokoperazo pa kompyuta ina ahedi akuona. Umboni weniweni wakuti kaundula angabwezeretsedwe ndi umenewo.