Kalata yoitanira anansi ku kanema: muikemo zotani?

Mukangolemba kuti "bwerani kudzakhala kanema", anthu ambiri a m'makomboni ndi m'midzi amaganiza za vidiyo sho ya pamsika, ija ya makarate ndi phokoso la zokuzira mawu. Makolo sabwera, ndipo ena amaletsa ndi ana omwe. N'chifukwa chake kalata yoitanira anansi ku kanema wa mwezi ndi mwezi iyenera kutchula filimu yoyamba ndi dzina lake, n'kunenanso zomwe mudzakambirane ikatha. Munthu wamkulu safuna kusiya ntchito zake madzulo kupita ku chinthu chimene sakuchidziwa mutu wake.

Tiyerekeze kuti mwasankha The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, imene anaitsogolera Chiwetel Ejiofor. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe anasiya sukulu posowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi njinga ya bambo ake. Ndi yabwino kuyambira chifukwa mbali yaikulu akulankhula Chichewa, ndipo pamkeka padzakhala anthu amene njala imeneyo anaiona ndi maso. Thunthu la kalatayo lingakhale lotere:

"Okondedwa makolo ndi anansi, tikukuitanani kudzaonera kanema Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, pabwalo la sukulu. Tidzayamba ndi The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya mnyamata wa ku Kasungu. Kanemayu adzayamba 6:00 madzulo ndipo ndi wa mphindi 113. Akatha tidzacheza kwa mphindi 30, ndipo pofika 8:30 aliyense azidzapita kwawo. Kulowa ndi kwaulere. Bwerani ndi mkeka kapena mpando, komanso tochi. Muli zithunzi za njala ndi imfa, choncho ana aang'ono abwere ndi makolo awo. M'dera muno mukagwa zovuta, kapena mvula ikavuta, tidzasunthira ku Loweruka lotsatira."

Chiganizo chofunika kwambiri apa ndi chija chonena nthawi yomaliza. Mayi amene ali ndi nsima yoti aphike, kapena gogo amene amaopa kuyenda usiku, amasankha kubwera kapena ayi poona ola lobwerera kunyumba. Kuyamba 6:00 sikungosankha mwachisawawa: kuno mdima umagwa chamomwemo, ndipo dzuwa lisanalowe chithunzi cha pulojekita sichioneka bwino pakhoma kapena pansalu yoyera.

Tsono pa zokambirana m'pamene makalata ambiri amapunduka. Amangoti "padzakhala zokambirana", ndipo tsikulo wotsogolera akafunsa kuti "mwaiona bwanji filimuyi?" anthu amangoyankha kuti inali bwino, n'kuyamba kupinda mikeka. Lembani mafunso enieniwo m'kalatamo, awiri kapena atatu basi, kuti anthu adzaonere ali nawo kale m'mutu. Pa filimu iyi funso lamphamvu ndi la njinga. William akupempha bambo ake kuti aiphwasule, pamene njingayo ndi chuma chokha chimene chatsala pakhomo, ndipo bambowo poyamba akukana mwaukali. Kodi analakwa? Funso lotere limagawa anthu, pakuti abambo ambiri amaima ndi bambo mnzawo pamene achinyamata amaima ndi William, ndipo kucheza kumayaka kokha. Lachiwiri likhale la akuluakulu: m'njala ya 2002 kwanu kuno munkadya chiyani, ndipo filimuyi yasiya chiyani? Ine ndimaona kuti funso limeneli ndi bwino kuliika pamapeto ndi kulisunga mwaulemu, chifukwa ena anataya abale chaka chimenecho. Kalata inene poyera kuti palibe adzakakamizidwe kulankhula.

Yembekezeraninso kuti ena adzadandaula ndi katchulidwe ka Chichewa ka osewera ena, poti Maxwell Simba amene akusewera ngati William ndi wa ku Kenya. Wotsogolera alole zimenezo kwa mphindi zochepa, kenako abwezere anthu ku mafunso. Kalata itchule amene adzatsogolere, ndipo zimathandiza akakhala awiri, mayi ndi bambo, kuti amayi ndi atsikana asangokhala omvera.

Musanagawe kalatayo, pitani kwa amfumu kapena mkulu wa dera, ndi kwa aphunzitsi aakulu ngati malowo ndi a sukulu, kuti asamve nkhaniyi kwa ana. Dziwaninso kuti akaunti ya Netflix, komwe filimuyi imapezeka, ndi yoonerera pakhomo. Kuonetsa gulu kumafuna chilolezo cha eni filimu ngakhale musakulipiritsa, ndipo a COSOMA ndi oyenera kuwafunsa za malamulo a zimenezi. Makalata afike khomo ndi khomo kutatsala sabata ziwiri, ndipo m'munsi mwake musiye mzere woti banja lilembepo filimu imene likufuna mwezi wamawa. Ngati akusowa poyambira, akumbutseni za The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah.