Chithunzi chimodzi, megabaiti 48: zimene zimachitika mukamatsitsa mndandanda pa foni

Tiyerekeze kuti muli pa apu yogulitsira zovala za kaunjika. Muli katundu 500, ndipo chinthu chilichonse chili ndi kachithunzi kake pambali pa mtengo. Mukutsitsa ndi chala, mwadutsa jekete ina yabwino, ndiye mukuti ndibwerere ndikaionenso. Pobwererapo mukupeza kabokosi kotuwa, chithunzi chikubweranso pang'onopang'ono ngati simunachionepo. Pa mafoni ena apu imayamba yadodoma, kenako n'kungodzitsekera yokha. Ambiri timathamangira kunena netiweki kapena kukalamba kwa foni, koma nthawi zambiri vuto limakhala mmene apuyo inalembedwera.

Muzu wa nkhaniyi ndi woti chithunzi chili ndi misinkhu iwiri. Chikakhala mu fayilo ya JPEG chimakhala chofinyidwa, mwina megabaiti 3. Koma kuti chioneke pa sikirini, foni imachitambasula chonse mu memori, kadontho kalikonse pakokha, ndipo pa Android kadontho kamodzi nthawi zambiri kamadya mabaiti 4. Kamera ya megapikiselo 12 imajambula madontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Chulukitsani: madontho 12 miliyoni, kuchulukitsa ndi 4, akupereka megabaiti pafupifupi 48. Chimenecho ndi chithunzi chimodzi chokha. Sikirini ikamaonetsa zovala zisanu ndi zitatu nthawi imodzi, mwafika kale pafupi ndi megabaiti 400, pomwe Android imapatsa apu iliyonse malire ake. Kale apu yotere inkafa ndi uthenga wakuti OutOfMemoryError. Kuyambira pa Android 8.0 madontho aja amasungidwa kunja kwa malire amenewo, koma memori ya foni sinakule ayi. Pa foni ya gigabaiti 2 ngati zimene zadzaza m'misika yathu, dongosolo la foni limangotseka apuyo memori ikachepa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kabokosi koikamo chithunzicho mwina ndi ka madontho 300 ndi 300 basi. Pa msinkhu umenewo chithunzi chimadya mabaiti 360,000, osafika ngakhale theka la megabaiti. Choncho ntchito yoyamba ya wolemba apu ndi kuchepetsa chithunzi pa nthawi yochitambasula, osati pambuyo pake. Android ili ndi njira yake yotchedwa inSampleSize: ukaika 8, mbali iliyonse imagawidwa ndi 8, ndipo chithunzi chija chimatuluka cha 500 ndi 375, mabaiti 750,000 okha. Diso silingaone kusiyana m'kabokosi kakang'ono chotero.

Nanga n'chifukwa chiyani jekete ija inasowa mutabwerera? Mndandanda wa zinthu 500 sukhala ndi mizere 500. Chida chotchedwa RecyclerView, chimene Google inatulutsa mu 2014, chimapanga mizere yokwanira sikirini ndi ina yochepa yapadera. Mzere ukatuluka pamwamba umatengedwa n'kukalowanso pansi ndi katundu wina. Zili ngati mbale za pa chiimilire: ndi zochepa, koma zimadyetsa msika wonse chifukwa wina akangomaliza zimatsukidwa n'kupatsidwa wotsatira. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma ikutanthauza kuti mzerewo sukumbukira jekete yanu. Ngati palibe pena pamene chithunzicho chinasungidwa, apu ikachitenganso pa intaneti, ndi bandulo yanu.

Palinso vuto lina lochokera pomwepo. Mzere unapempha chithunzi cha jekete, netiweki ikuchedwa, inu mwatsitsa, ndipo mzere womwewo tsopano ndi wa nsapato. Jekete ikafika mochedwa imakhala pa mtengo wa nsapato. Mukaona zithunzi zikuphethira kapena kusinthana malo, dziwani kuti wolemba apu sanaletse pempho lakale pamene mzere unkapatsidwa ntchito yatsopano.

Mosungira muyenera kukhala muwiri. Moyamba ndi mu memori, momwe mumakhala zithunzi zotambasulidwa kale, zongotenga n'kuika. N'mofulumira koma mochepa, ndipo chizolowezi cha olemba ambiri ndi kupatula gawo limodzi mwa magawo 8 a memori ya apu. Ngati apu yapatsidwa megabaiti 256, ndiye kuti 32. Mmenemo mungalowe tizithunzi ta 300 ndi 300 pafupifupi 90, pomwe chosachepetsa chija cha 48 sichingalowe n'chimodzi chomwe. Apa ndiye pamaonekera kuti kusunga popanda kuchepetsa n'kungotaya nthawi. Mukadzaza, chimene chatenga nthawi yaitali chisanafunidwe ndicho chimachotsedwa, ndipo chida chochita zimenezi pa Android ndi LruCache. Mosungira mwachiwiri ndi m'malo a mafayilo a foni. Kumeneko n'kochedwerako chifukwa fayilo iyenera kutambasulidwanso, koma sikudya bandulo, ndipo zithunzi zimakhalabe ngakhale foni itazimitsidwa. Apu yabwino imayang'ana mu memori, ikasowa imayang'ana m'mafayilo, ndipo intaneti imakhala yomaliza.

Masiku ano palibe chifukwa cholembera zonsezi wekha, ndipo wolemba apu amene amaumirira kutero ndimamukayikira. Pali zida zaulere monga Glide, Picasso ndi Coil. Ndi Glide ntchito yonse ingaoneke chonchi:

```
Glide.with(imageView)
    .load(url)
    .override(300, 300)
    .into(imageView);
```

Mizere inayi imeneyi imakatenga chithunzi popanda kuimitsa sikirini, imachichepetsa, imachisunga mbali zonse ziwiri, komanso imaletsa pempho lakale kabokosiko kakapatsidwa chithunzi china. Glide payokha imalola mafayilo osungidwa kufika megabaiti 250.

Komabe chidacho sichiganizira munthu chilichonse. Chimazindikira chithunzi ndi adiresi yake ya pa intaneti. Maseva ena amawonjezera nambala yachitetezo kumapeto kwa adiresi, yomwe imasintha nthawi ndi nthawi, ndiye jekete yomweyo imaoneka ngati yatsopano n'kutengedwanso. Mwina zimatembenuka: wogulitsa wasintha chithunzi koma adiresi ndi yomweyo, ogula n'kumaonabe chakale. Pamenepa wolemba amagwiritsa ntchito signature() ya Glide, n'kuikamo tsiku limene chithunzi chinasinthidwa. Chinanso, kuchepetsa chithunzi pa foni kumapulumutsa memori yokha, pakuti fayilo ya megabaiti 3 ija yatsika kale yonse. Zithunzi 500 zotere ndi gigabaiti imodzi ndi theka. Seva ikamatumiza tizithunzi ta makilobaiti 30, mndandanda wonsewo ndi megabaiti 15.

Inunso mungayese apu iliyonse popanda kudziwa zolemba mapulogalamu. Tsitsani mndandanda mpaka patali, tsekani apuyo, yatsani Airplane mode, n'kuitsegulanso. Mayina a katundu akaoneka koma mabokosi a zithunzi ali mbee, apu imeneyo sisunga zithunzi m'mafayilo, ndipo mumalipira chithunzi chimodzimodzi tsiku lililonse. Za batani la Clear cache, limene anyamata okonza mafoni amakonda kudina, lidineni pokhapokha malo akatheratu kapena apu ikakakamira chithunzi chakale, chifukwa zonse zimene mwafufutazo mudzazigulanso ndi bandulo.