Kodi 6 wa pakati pa 1, 4, 6, 4, 1 Amachokera Kuti?

Aphunzitsi akalemba (a + b)² pa bolodi, sipalephera mwana woyankha mofulumira kuti a² + b². Kuti aone kulakwa kwake, angoika 3 m'malo mwa a ndi 4 m'malo mwa b. Kuphatikiza 3 ndi 4 kumapereka 7, ndipo 7 × 7 ndi 49. Koma 9 + 16 ndi 25 basi. Pasowa 24, amene ndi 2 × 3 × 4. Yankho lenileni ndi a² + 2ab + b², ndipo nkhani yonse yagona pa 2 wa pakatiyo.

Samu imeneyi ndi yomasula mabulaketi okhala ndi zinthu ziwiri, imene a masamu amati bainomiyo. Tanthauzo la (a + b)⁴ ndi mabulaketi anayi ochulukitsidwa pamodzi: (a + b)(a + b)(a + b)(a + b). Pomasula, munthu amayenda bulaketi ndi bulaketi, n'kutolamo chilembo chimodzi chokha, a kapena b. Njira zonse zotolera ndi 2 × 2 × 2 × 2, ndiye kuti 16.

Kutola a m'mabulaketi onse kumatheka m'njira imodzi, ndipo kumabala a⁴. Kutola b mmodzi yekha kuli ndi njira zinayi, chifukwa b ameneyo angachoke m'bulaketi loyamba, lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi. N'chifukwa chake pamalembedwa 4a³b. Nanga kutola a awiri ndi b awiri? Apa ndi bwino kuzilemba zonse: aabb, abab, abba, baab, baba, bbaa. Zilipo 6, ndipo pochulukitsa iliyonse imapereka a²b². Yankho lonse ndi ili:

(a + b)⁴ = a⁴ + 4a³b + 6a²b² + 4ab³ + b⁴

Choncho nambala yotsogolera zilembo ndi chiwerengero cha njira. Taganizani za banja la ana anayi, a akuimira mtsikana, b mnyamata. Ngati mwayi wobadwa mtsikana ndi wofanana ndi wa mnyamata, atsikana awiri ndi anyamata awiri amabwera m'njira 6 mwa 16. Ambiri amadabwa kuti mwayi umenewu sufika ndi theka lomwe.

Kulemba njira zonse n'kotopetsa mabulaketi akachuluka, ndipo apa m'pamene pamathandiza nambala zosanjidwa m'makona atatu:

```
        1
      1   1
    1   2   1
  1   3   3   1
1   4   6   4   1
```

M'mbali muli 1, ndipo nambala iliyonse yam'kati ndi ziwiri zapamwamba pake zitaphatikizidwa. Lamuloli ambiri amangoliloweza, pamene chifukwa chake n'chosavuta komanso chokoma. Kuti patuluke a²b², bulaketi lomaliza lipereka a kapena b. Likapereka a, atatu oyambawo ayenera kupereka ab², ndipo njira zake ndi 3. Likapereka b, ayenera kupereka a²b, njira 3 zinanso. Ndiye 3 + 3 uja amene wabala 6.

Ku sukulu kasanjidwe aka kamadziwika ndi dzina la Blaise Pascal, Mfalansa amene analemba za iko mu 1654, ngakhale bukulo linasindikizidwa mu 1665 iye atamwalira kale. Koma sanali woyamba. Ku China, Yang Hui anakalemba mu 1261, potsata ntchito ya Jia Xian wa zaka za m'ma 1000, ndipo kumeneko mpaka lero kamatchedwa dzina la Yang Hui. Ku Italy amatchula Tartaglia, ku Iran Khayyam.

Pa mayeso, msampha umabwera chinthu chachiwiri chikakhala nambala, monga (x + 2)⁴. Ophunzira amakumbukira 1, 4, 6, 4, 1 koma amaiwala kuti 2 nayenso akudzichulukitsa: 1, 2, 4, 8, 16. Pochulukitsa ziwiriziwiri pamatuluka 1, 8, 24, 32, 16, ndiye yankho ndi x⁴ + 8x³ + 24x² + 32x + 16. Potsimikiza, x akhale 1: nambala zisanuzo zikaphatikizidwa ndi 81, ndipo 3⁴ ndi 81 yemweyo. Woiwala uja, amene wachulukitsa ndi 2 paliponse kupatula pa nambala yoyamba, amapeza 31, n'kudziwa pomwepo kuti waphonya. Pakakhala kuchotsera, monga (x − 2)⁴, zizindikiro zimasinthana: + − + − +.

Kasanjidweka kali ndi malire ake. Kamagwira ntchito pokhapokha kanambala kapamwamba kakhale kathunthu, ngati 2, 5 kapena 10, chifukwa palibe angawerenge theka la bulaketi. Isaac Newton ndiye anapeza, cha m'ma 1665, njira yomasulira kanambalako kakakhala theka kapena kochepera ziro, koma pamenepo yankho limangotalika osafika kumapeto.