Wakhoza Mayeso, Wapeza Ntchito: Nanga Bwanji Akuthokoza Akuluakulu?

Mnyamata kapena mtsikana akamaliza maphunziro owerengera ndalama n'kupeza ntchito yoyamba, polengeza nkhaniyo salephera kutchula "bwana amene anandigwira dzanja". Ena amayesa n'kudzigulira malo chabe. Koma pa ntchito ya akauntanti, munthu wothokozedwayo ndiye wagwira kiyi.

Titenge ACCA, bungwe la ku Britain limene Amalawi ambiri amalemba mayeso ake, ena kudzera ku Malawi College of Accountancy. Mayeso onse alipo 13, komanso pali phunziro lapadera la khalidwe pa ntchito. Ukakhoza zonsezi sunakhalebe membala, ndipo suloledwa kulemba zilembo za ACCA kumapeto kwa dzina lako. Pamafunika miyezi 36 yogwira ntchito yeniyeni ya ndalama, komanso kuonetsa maluso 9 amene bungweli limafuna. Wosayinira kuti lusolo ulidi nalo ayenera kukhala akauntanti wovomerezeka amene waiona ntchito yako ndi maso ake.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Munthu amalowa pakampani yaing'ono ku Limbe, malipiro abwino ndithu, koma muofesi monse palibe akauntanti wovomerezeka. Zaka zimapita, wosayina palibe. Njira ilipo: odita wakunja amene amayendera mabuku a kampaniyo atha kusayina, bola agwirizane ndi bwana wako. Koma zimenezi uzifunse sabata yoyamba, osati chaka chachitatu.

Nanga mkuluyo amaphunzitsa chiyani chimene kukalasi kulibe? Tiyerekeze kuti mwezi watha, ndipo buku la ndalama likusiyana ndi sitetimenti ya kubanki ndi K90,000. Wachinyamatayo wabwereza kuwonkhetsa mpaka mdima, tiyi wazizira pa desiki. Mayi wodziwa ntchito angosuzumira n'kunena kuti, "Mwanawe, tagawa ndi 9." Zagawika popanda chotsala. Kawirikawiri chimenechi ndi chizindikiro chakuti manambala awiri asinthana malo polemba. Atafufuza, apeza kuti cheke cha K540,000 chinalembedwa K450,000. Sikuti nthawi zonse vuto limakhala limeneli, koma wodziwa amayambira pomwepo.

Mkulu yemweyo ndiye amakumbutsa kuti msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito ufike ku MRA pasanadutse pa 14 mwezi wotsatira, ndiponso kuti bwana akati "ingosintha deti pa lisitili", yankho ndi ayi, mwaulemu koma ayi.

Pa kulengezako, ine ndimakonda wothokoza amene amatchula chimene anaphunzitsidwa, kusiyana ndi wondandalika mayina khumi a mabwana. Ayambe wapempha eni mayinawo. Ndipo chimwemwe chisamufikitse potchula makasitomala amene akuwagwirira mabuku kapena kujambula desiki pali mapepala a malipiro a anthu, chifukwa kusunga chinsinsi ndi limodzi mwa malamulo amene mkulu uja adzayang'ane asanasayine.