Mphamvu za kuchipinda zimabwerera ndi miyendo, koma pang'onopang'ono

Bambo akayamba kuchepa mphamvu kuchipinda, maganizo amathamangira ku gondolosi kapena ku timapilisi togula mobisa. Anzake akamva, amaseka kuti wagwa mumpapaya. Koma kwa abambo ambiri opitirira zaka 40, vutoli limayambira m'mitsempha ya magazi. Chida cha abambo chimadzuka mitsempha yake ikatakasuka n'kulola magazi kudzazamo. Mitsemphayi ndi yopapatiza, milimita imodzi kapena awiri m'lifupi, pomwe ya mtima ndi mamilimita 3 kapena 4. Mafuta, shuga, fodya ndi kuthamanga kwa magazi zikayamba kuwononga, yaing'onoyi ndiyo imayamba kufooka. N'chifukwa chake madokotala amaona vutoli ngati chenjezo la matenda a mtima amene angadze patapita zaka zingapo.

Kuyenda ndawala kumathandiza chifukwa magazi akamathamanga, khoma la m'kati mwa mitsempha limazolowera kutulutsa mankhwala achilengedwe oitakasula. Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti, zitenga nthawi yaitali bwanji?

Mu 2004, dokotala Katherine Esposito ndi anzake a mumzinda wa Naples ku Italy anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa abambo 110 onenepa kwambiri amene anali ndi vutoli. Theka la iwo anathandizidwa kuchepetsa zakudya ndi kuchita masewera olimbitsa thupi. Patatha zaka ziwiri anali atatsika ndi makilogalamu pafupifupi 15, ndipo abambo 17 mwa 55 anabwerera mwakale. Pagulu linalo anachira atatu okha. Onani bwino apa: zaka ziwiri, ndipo wochira kotheratu anali mmodzi mwa atatu, chonsecho abambowa analibe shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Mu 2018 akatswiri ena ataunika kafukufuku wosiyanasiyana anapeza mlingo wake: mphindi 40, kanayi pa sabata, kwa miyezi 6.

Tiyerekeze bambo wa zaka 48, woyendetsa galimoto, wolemera makilogalamu 96, amene tepi ikamuzungulira pamchombo ikuwerenga masentimita 106. Kupitirira 102 ndi kale chizindikiro choipa, chifukwa mafuta a pamimba amatsitsa mahomoni aumuna. Sabata zoyamba ayambe ndi mphindi 20, n'kumawonjezera mpaka 40. Kuyenda kwake kusakhale kwa ulendo wa kumaliro ayi. Azitha kulankhula koma asathe kuimba, thukuta lizituluka. Kawiri pa sabata awonjezere zolimbitsa minofu: kunyonyomala n'kuimirira kakhumi, mapushapu otsamira khoma, kunyamula zigubu za madzi za malita 5, chilichonse maulendo awiri kapena atatu. Minofu ya m'ntchafu ikalimba imayamwa shuga wambiri m'magazi, ndipo pochepa thupi amasungunuka ndi mafuta, osati minofu. Kumbale, mitanda itatu ya nsima ikhale iwiri, ndiwo zamasamba zichuluke, zakumwa zotsekemera ndi mowa zichepe.

Mwezi woyamba asayembekezere chilichonse kuchipinda. Adzangoona kuti sakupumanso wefuwefu pachitunda ndipo akugona bwino. Apa ndi pamene ambiri amasiyira, akuti sizikugwira, pomwe ntchito yangoyamba kumene. Cha m'mwezi wachitatu, akamatsika theka la kilogalamu pa sabata, lamba amakhala atasuntha chibowo, ndipo ena amayamba kuona chida chikudzuka m'bandakucha pafupipafupi. Pa miyezi 6, atatsika ndi makilogalamu 8 mpaka 10, ndi pamene angaweruze mwachilungamo. Kusinthako nthawi zambiri kumakhala kwapakatikati, kocheperapo poyerekeza ndi kwa piritsi la Vayagira, koma piritsi limagwira maola ochepa basi osakonza mitsempha. Ziwirizi sizitsutsana: dokotala angathe kumupatsa mapilisi pamene thupi likukonzeka, kupatula ngati akumwa mankhwala ena a kupweteka kwa mtima otchedwa manayitireti, pakuti kuphatikiza ziwirizi kumagwetsa magazi moopsa.

Pali abambo amene kuyenda pakokha sikungawakwanire. Amene wakhala ndi shuga zaka zambiri, kapena anachitidwa opaleshoni ya pulositeti, kawirikawiri mitsempha yotumiza mauthenga ndiyo inaonongeka. Amene vuto linamuyamba mwadzidzidzi, koma m'mawa chida chikudzuka bwinobwino, gwero lake limakhala nkhawa kapena kusamvana m'banja. Ena linawayamba atangopatsidwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a matenda a maganizo. Amenewa asasiye okha mankhwalawo, akauze dokotala kuti aone ngati angawasinthire. Ndipo asanayambe ndawala, bambo wathu uja akayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Akamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa ali pamsewu, aime pomwepo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.