KUGAWA NTHAWI POPHUNZITSA NDI MASILAIDI

Masiku ano maphunziro ambiri amene timalandira m'maparishi sabweranso pa mapepala okha. Amabwera pa kompyuta, atakonzedwa m'masamba amene timawaonetsa pa khoma ndi pulojekita. Tsamba lililonse amalitcha silaidi. Amene anakonza phunziro ali ku ofesi ku Lilongwe, ndipo sadziwa kuti kwathu kuno ku Namitete anthu atuluka m'Misa ali ndi njala, ena ali ndi mtunda wautali woti ayende, ndipo nthawi ya dzinja mvula ya masana sichedwa. Ntchito yoyeza phunzirolo ndi nthawi imene tili nayo ndi yathu ife ophunzitsa.

Ku sukulu ya uphunzitsi anatiphunzitsa kuti mphunzitsi salowa m'kalasi wopanda chikonzero cholembedwa, chosonyeza mphindi za gawo lililonse. Pano tikuchita zomwezo. Tikufuna pepala limodzi lonena nthawi yoyamba silaidi iliyonse, mphindi zake, amene akulankhula, ndi malo onse amene tikusintha kuchoka pa chinthu china kupita pa china. Pepala limeneli tilitche ndondomeko ya nthawi.

Tiyambe ndi nthawi, osati masilaidi

Tiyeni titenge chitsanzo. Talandira masilaidi 20 ofotokoza ntchito za khansala ndi za phungu wa Nyumba ya Malamulo. Komiti ya tchalitchi yatipatsa nthawi kuyambira 11:00 mpaka 12:15, ndiye kuti mphindi 75.

Ambiri amagawa 75 ndi 20 n'kunena kuti silaidi iliyonse ili ndi mphindi pafupifupi 4. Kumeneku ndi kudzinamiza, chifukwa mphindi 75 zimenezi si za masilaidi okha. Pemphero, malonje ndi kulandira mafumu zimadya mphindi 8, ndipo amene anayesapo kudumpha dzina la a gulupu pa msonkhano akudziwa kuti pamenepa sipofupikitsa. Mafunso tiwapatse mphindi 15, mawu otseka ndi pemphero 5, ndipo 5 zina tisunge padera za zogwa mwadzidzidzi. Zonsezi ndi 33. Zatsala 42.

Pa 42 zimenezi tichotsenso nthawi ya kusintha, imene pa chitsanzo chathu ndi mphindi 5 monga tionere kutsogoloku. Ndiye kuti masilaidi ali ndi mphindi 37 basi, theka la nthawi imene timaganiza poyamba paja.

Kuyeza silaidi iliyonse

Kodi tidziwa bwanji kuti silaidi yakuti ikufuna mphindi zingati? Njira ndi imodzi: kuimirira ndi kuiphunzitsa mokweza mawu, m'Chichewa, mnzathu atagwira wotchi. Kuwerenga chamumtima kumanamiza. Masilaidi ambiri amabwera m'Chingerezi, ndipo mizere inayi imene maso amaithamanga m'kanthawi kochepa imatenga mphindi 2 kapena 3 tikamaimasulira ndi kupereka chitsanzo cha kumudzi. Ngati mlendo adzalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira, mphindi za silaidi iliyonse tiziwirikize kawiri.

Amene ali ndi PowerPoint angathe kupita pa Slide Show ndi kusankha Rehearse Timings. Kompyuta imawerenga nthawi imene mwakhala pa silaidi iliyonse, ndipo pomaliza imafunsa ngati isunge nthawizo. Mukavomera, mudzaziona pansi pa silaidi iliyonse mu Slide Sorter, n'kuzikopera pa pepala.

Ife titayesa, masilaidi 20 aja anatenga mphindi 52, ndipo sanali ofanana ayi. Silaidi 1 ndi 2, za mutu ndi zolinga, zinatenga mphindi imodzi iliyonse. Kuyambira 3 mpaka 7 inali mbiri ya maboma aang'ono: lamulo la chaka cha 1998, chisankho cha makhansala cha 2000, zaka zimene dziko linakhala lopanda makhansala kufikira 2014, ndi zina zotero. Iliyonse inatenga mphindi 2. Koma silaidi 8, yoika ntchito za khansala ndi za phungu pambalipambali, inatenga 6, ndipo silaidi 13, chithunzi chosonyeza m'mene pempho la mjigo kapena mlatho limayendera kuchokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, mpaka ku khonsolo ya boma la Lilongwe, inatenga 7. Masilaidi awiri amenewa ndiwo mtima wa phunziro lonse. Ndiwo amene anthu anabwerera.

Tili ndi 52 koma tikufuna 37. Mphindi 15 zichoke. Pano mpamene ambiri timalakwa ponena kuti, "Ndidzangolankhula mofulumira." Agogo amene akhala kumbuyo sadzamva kanthu, ndipo nthawi idzathabe. Chofunika ndi kuchotsa masilaidi athunthu. Pa mbiri ija tinasiya 3 ndi 7, n'kuchotsa 4, 5 ndi 6: zapulumuka mphindi 6. Silaidi 11 ndi 12, za mphindi 3 iliyonse, zimangobwereza zimene zili pa 8: zapulumuka 6 zina. Silaidi 19, yomanga mfundo, tinaitsitsa kuchoka pa 4 kufika pa 2, pakuti mafunso akubwera pompo. Silaidi 20, ya mawu othokoza, sifuna mphindi yakeyake. Ingoonekera pa khoma pamene tikutseka. Zakwana 15.

Pochotsa musafufute silaidi. Gwiritsani ntchito Hide Slide. Silaidi yobisidwa imadumphidwa poonetsa, koma manambala a zinzake sasintha. Mukafufuta, silaidi 13 isanduka nambala ina, ndipo pepala lanu lidzasiyana ndi la mnzanu amene ali pa kompyuta.

Malo osinthira

Nthawi yambiri imatayika pakati pa zinthu, pamene palibe amene akuphunzitsa. Wina akufunafuna chingwe, wina akudutsa pakati pa mabenchi, anthu ayamba kucheza. Popeza palibe silaidi yoimira nthawi imeneyi, anthu amaiwala kuilemba. Tiilembe pa mzere wakewake, ndi zilembo zazikulu, ndipo tinene zinthu zitatu: mphindi zake, amene achite chiyani, ndi mawu amene adziwitse mnzathu kuti nthawi yake yafika.

Nayi ndondomeko yathu itatha:

11:00 Pemphero, malonje, mafumu (8): wapampando
11:08 KUSINTHA (2): zitenje pa mazenera, kuyatsa pulojekita
11:10 Silaidi 1, mutu (1): mphunzitsi woyamba
11:11 Silaidi 2, zolinga (1)
11:12 Silaidi 3, lamulo la 1998 (2)
11:14 Silaidi 7, zisankho za makhansala (2)
11:16 Silaidi 8, khansala ndi phungu (6)
11:22 Silaidi 9, ntchito za khansala (3)
11:25 Silaidi 10, ntchito za phungu (3)
11:28 KUSINTHA (2): mphunzitsi wachiwiri, kugawa mapepala a chithunzi
11:30 Silaidi 13, njira ya pempho (7)
11:37 Silaidi 14, kukumana m'mudzi (2)
11:39 Silaidi 15, kusankha vuto limodzi (2)
11:41 Silaidi 16, kulemba pempho (2)
11:43 Silaidi 17, chitsanzo cha kalata (2) *
11:45 Silaidi 18, kulondola yankho (2)
11:47 Silaidi 19, kumanga mfundo (2)
11:49 KUSINTHA (1): kudetsa khoma, kuchotsa zitenje
11:50 Mafunso (15)
12:05 Kutseka, silaidi 20 (5)
12:10 Zapadera (5)

Taonani kusintha kwa 11:28. Mphunzitsi woyamba amaliza ndi mawu amene tinagwirizana kale: "Tsono pempho lathu liyenda bwanji?" Atangomva mawu amenewa, mphunzitsi wachiwiri aimirira, achinyamata awiri ayamba kugawa mapepala, ndipo wa pa kompyuta apita pa silaidi 13. Palibe wofunsa mnzake ndi maso. Mphunzitsi wachiwiri akhale kutsogolo kuyambira pachiyambi, osati ku khomo.

Pa 11:49 wa pa kompyuta akanikize batani la B. Khoma limada, ndipo anthu amasiya kuwerenga n'kuyang'ana amene akulankhula. Akalikanikizanso, silaidi imabwerera. Munthu akafunsa za chithunzi chija, alembe 13 ndi kukanikiza Enter. Chithunzi chifika pompo popanda kubwerera m'mbuyo silaidi imodziimodzi.

Ndichenjezepo pa chinthu chimodzi. Mu PowerPoint mulinso mawu akuti Transitions. Amenewo ndi m'mene silaidi imachokera pa khoma ina n'kulowa, ndipo pomwepo pali malo osankha kuti isinthe mwa kukanikiza, On Mouse Click, kapena yokha pakapita nthawi, After. Tsiku lina pa nthambi ina ndinasunga nthawi zoyesera zija n'kuiwala. Ndili mkati moyankha mayi wina, silaidi inachoka yokha, inzake n'kumatsatira, anthu n'kumaseka. Mukatha kukopera nthawi pa pepala, pitani pa Slide Show ndi kuchotsa kachizindikiro pa Use Timings. Wosintha silaidi akhale munthu amene akumva zimene zikuchitika m'chipindamo.

Tsiku lake likafika

Ndondomeko ikhale ndi anthu asanu: wapampando, aphunzitsi awiri, wa pa kompyuta ndi wosunga nthawi. Wosunga nthawi asavutike ndi mzere uliwonse, chifukwa mphindi imodzi imatayika pano n'kupezeka apo. Ayang'anitsitse malo awiri amene tawalemba mzere kunsi: 11:30, kuyamba kwa silaidi 13, ndi 11:50, kuyamba kwa mafunso. Tikafika pa silaidi 13 nthawi ili 11:33, palibe vuto, zapadera zija zikwanira. Ikakhala 11:37, tachedwa ndi mphindi 7 pamene zapadera ndi 5. Apo akweze dzanja, ndipo silaidi 17, imene taika kanyenyezi, idumphidwe: tikatha 16, wa pa kompyuta alembe 18 ndi Enter. Tinasankha 17 chifukwa chitsanzo cha kalatacho chili kale kuseri kwa pepala limene tagawa. Silaidi yodumpha isankhidwe dzulo lake. Munthu akasankha ali pa chipwirikiti amadula mafunso, ndipo anthu amapita kwao ndi zimene anabwera nazo ku mtima.

Nanga Misa ikatalika, ife n'kuyamba 11:10? Funsani wapampando tisanayambe ngati tingathe 12:25. Akalola, wosunga nthawi abweze wotchi yake pa 11:00, ndipo pepala ligwira ntchito monga lilili. Akakana, mphindi 10 zipezeke: 5 zapadera, 2 za silaidi 17, 2 za silaidi 3, ndi imodzi ya silaidi 2, popeza wapampando angathe kunena zolinga m'malonje.

Mwaona kuti pa mzere uliwonse talemba mutu wa silaidi, osati nambala yokha. Magetsi akazima, kapena jenereta ikatha mafuta, nambala sithandiza munthu. Ndi mitu ija phunziro limapitirira pa bolodi, ndipo chithunzi cha silaidi 13 chili kale m'manja mwa anthu. Mphunzitsi akhalenso ndi masilaidi onse osindikizidwa, 6 pa tsamba limodzi.

Pa nthawi ya phunziro wosunga nthawi alembe ndi pensulo, pambali pa mzere uliwonse, nthawi yeniyeni imene tinafikapo. Kwa ife silaidi 8 inatenga mphindi 9 m'malo mwa 6, chifukwa anthu anafuna kudziwa kuti mlatho ukagumuka apite kwa yani. Popita ku nthambi yotsatira tinaipatsa 9, ndipo silaidi 10 tinaibisa.