Galasi Likamatsegulidwa: Masekondi Amene Amapanga Vidiyo ya Kumeta

Mu 2017 pa intaneti panafala vidiyo yojambulidwa mumzinda wa Palma, pachilumba cha Mallorca ku Spain. Munali bambo wina amene anakhala zaka zambiri mumsewu, akumapeza kangachepe polozera oyendetsa magalimoto poimika. Tsitsi lake linali la imvi, lalitali komanso lopiringizana, ndevu nazo chimodzimodzi. Salva García, mwini saluni ya La Salvajería, anamuitana kuti akamukonze. Galasi la m'saluniyo linali ndi timakomo tamatabwa totseka. Bamboyo atakhala pampando anapempha kuti timakomoto tikhale kaye totsegula kuti adzione komaliza mmene analili, kenako atitseke. Anamumeta, kumudetsa tsitsi, kumusalaza ndevu ndi kumuveka zovala zatsopano, iye osadziona. Timakomo titatsegulidwa anadziyang'ana, nayamba kupumira m'mwamba, misozi n'kutsika.

Anthu mamiliyoni amene anaonera vidiyoyi ambiri sakumbukira mtundu wa kametedwe kapena mankhwala amene anapaka. Amakumbukira nkhope ya bamboyo pa masekondi ochepa aja. Ometa tsitsi ndi okonza nkhope amene amajambula ntchito yawo n'kuika pa TikTok, Instagram kapena YouTube amafunafuna masekondi omwewa, ndipo ambiri amawataya pa zifukwa zimene zikanapeweka asanayatse n'komwe mashini.

Choyamba ndi kubisa. Munthu amene wakhala akudzionera pagalasi kuyambira pamene mashini anakhudza mutu wake sangadabwe pamapeto, chifukwa kusintha wakuona pang'onopang'ono. Akauzidwa kuti adabwe, amatsegula pakamwa mwa sewero, ndipo oonera amazindikira nthawi yomweyo. Pulogalamu za pa wailesi yakanema ku Amereka zinaphunzira izi kalekale. Pa Extreme Makeover: Home Edition, basi yaikulu inkaima pakati pa banja ndi nyumba yawo yatsopano mpaka khamu litafuula kuti basiyo ichoke. Pulogalamu ya The Swan ya mu 2004 inafika pomana akazi galasi kwa miyezi itatu yathunthu, nkhanza imene anthu ambiri anaidzudzula ndipo palibe chifukwa choitengera. M'babashopu zimangofuna kutembenuza mpando kuti kasitomala afulatire galasi, kapena kuphimba galasilo ndi nsalu. Chimene ambiri amaiwala ndi foni. Kasitomala akaigwira m'manja amadzisuzumira pa kamera yakutsogolo wometa akasuntha pang'ono, choncho ndi bwino kuvomerezana poyamba kuti foniyo ikhale patali. Zenera lagalasi lakuda ndi wailesi yakanema yozimitsa nazonso zimaulula.

Kubisako kumakhudzanso woonera. Apa wojambula ali ndi chisankho chimene chimaumba vidiyo yonse: kodi woonera aone mutu womalizidwa nthawi imodzi ndi mwini wake, kapena ayambe ndiye kuona? Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma kukoma kwake n'kosiyana. Woonera akayamba kuona, amakhala ngati m'bale amene akudziwa kale kuti m'nyumba mwafika mlendo, akungodikira kuona mmene mwini nyumba achitire akalowa. Akaona pamodzi ndi kasitomala, amadabwa naye limodzi. Cholakwika ndi kugwera pakati, pomwe kametedwe kakuoneka theka m'chithunzi chilichonse mpaka pamapeto palibenso chatsopano. Amene akufuna kubisira woonera amajambula pafupi kwambiri: mashini akudutsa kuseri kwa khutu, lezala ikuwongola mzere wapachipumi, tsitsi likugwera pansalu, thaulo lotentha litaphimba nkhope. Woonera akuona kuti ntchito ikuyenda, koma mutu wonse sanauone.

Chachiwiri ndi chithunzi choyamba, chimene anthu amachijambula mothamanga poganiza kuti chofunika chili kutsogolo. Kusintha kumayezedwa poyerekeza ndi mmene munthu analili, ndiye ngati chithunzi choyamba chili chamdima, chopendekeka, chojambulidwa kasitomala atawerama, pamene chomaliza chili chowala akumwetulira, diso la woonera silitha kusiyanitsa ntchito ya wometa ndi ntchito ya nyali. Ena amachita dala kuti munthu aoneke wonyansa poyamba. Ndi chinyengo chosachedwa kugwidwa, komanso chimanyozetsa munthu amene wabwera kudzathandizidwa. Njira yabwino ndi kuika foni pachoimikira cha miyendo itatu, pa msinkhu wa maso a kasitomala, n'kumata tepi pansi pomwe pali miyendoyo ndi pomwe pali mpando. Kenako kasitomala ajambulidwe akuyang'ana kutsogolo, kumanja ndi kumanzere, masekondi atatu mbali iliyonse. Pamapeto ajambulidwenso pamalo omwewo, kutalika komweko, nyali yomweyo. Zithunzi ziwirizo zikalumikizidwa, maso ndi mphuno zimagwera pamodzimodzi, tsitsi lokha ndilo limasintha.

Foni ili ndi khalidwe lake losokoneza: imasintha yokha kuwala. Wometa akachotsa nsalu yakuda n'kuonekera malaya oyera, foni imadetsa chithunzi chonse, ndipo nkhope ya munthu wakhungu lakuda imamira pa nthawi imene ikufunika kwambiri. Pa iPhone munthu amadina pankhope ya kasitomala osachotsa chala mpaka pagalasi patalembedwa AE/AF LOCK, ndipo mafoni ambiri a Android ali ndi kachizindikiro ka loko kogwira ntchito yomweyo. Nyali nazo zimavuta. M'maiko amene magetsi amayenda pa 50 Hz, monga ku Ulaya, Malawi ndi Zambia, nyali zina zotchipa zimaphethira zikajambulidwa pa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, ndipo pavidiyo pamayenda mizere. Kujambula pa 25 kapena 50 kumathetsa vutoli nthawi zambiri. Kuyesa masekondi khumi kasitomala asanakhale pampando n'kokwanira kuona ngati mizereyo ilipo.

Ndiye pafika pa mphindi yeniyeni, imene siibwerezeka. Kudula kwa lezala kungajambulidwe kawiri, koma munthu amadziona koyamba kamodzi kokha. N'chifukwa chake ojambula odziwa amayatsa kamera nthawi ikadalipo, wometa akusesabe tinyenyeswa ta tsitsi pakhosi, ndipo amaonetsetsa kuti batire ndi malo osungira zilipo, foniyo ili pa ndege kuti wina asaimbe pakati. Kamera iyenera kuloza nkhope. Ambiri amaima kumbuyo kwa mpando n'kujambula nkhongo ya kasitomala ndi iwo eni atanyamula foni m'galasi. Pabwino ndi pambali pang'ono pa galasi, moyang'anizana ndi kasitomala, kuti mpando ukamazungulira nkhope ibwere molunjika ku kamera. Pakakhala foni yachiwiri, imeneyo iime kuseri kwa phewa mopendekera, ione chithunzi cha m'galasi popanda kudziona yokha. Galasi lapamanja limene ometa amaonetsera kumbuyo kwa mutu lili ndi vuto lake: kasitomala akalikweza limaphimba nkhope yake yonse. Wometa alinyamule yekha, cham'munsi kapena chapambali.

Mawu ndi theka la mphindiyi. Fani, wailesi ndi mashini a mpando woyandikana zizime kaye. Wometa akazungulitsa mpando atseke pakamwa. Chiyeso chofunsa kuti "mwakuona bwanji?" n'chachikulu, koma funsolo limakoka maso a munthu kuchoka pagalasi n'kumukakamiza kuyankha mwaulemu. Munthu wodabwa zenizeni amayamba wakhala chete, kenako amasendera kufupi, kutembenuza mutu, kukweza dzanja n'kukhudza tsitsi kapena chibwano. Kuseka kapena kulira kumabwera pambuyo pa zonsezo.

Tiyerekeze vidiyo ya masekondi 60 ya mnyamata amene wakhala chaka osameta ndipo mawa ali ndi mayeso a ntchito. Masekondi atatu oyamba aonetse mutu wake mmene wabwerera, pamodzi ndi chiganizo chake chimodzi chonena chimene wadzera, chifukwa woonera amene sakudziwa kuti kumetaku kukutanthauza chiyani kwa mwini wake sakhala ndi chodikirira. Kufika pa sekondi ya khumi, mpando watembenuzidwa ndipo galasi laphimbidwa woonera akuona, kuti adziwe kuti pali chobisika. Masekondi 30 otsatira ndi ntchito, zidutswa za sekondi imodzi kapena ziwiri, kuyambira pa zikuluzikulu monga kugwetsa tsitsi mpaka pa zing'onozing'ono monga mzere wa ndevu. Cha pa sekondi ya 40 liwiro litsike: burashi pakhosi, nsalu ikumasulidwa, dzanja pa mpando. Nyimbo izime apa, kapena itsike mpaka kumveke kulira kwa mpando. Mpando uzungulire, ndipo nkhope isadulidwe kwa masekondi osachepera asanu. Pambuyo pake m'pamene woonera apatsidwe mutu wonse, kamera ikuzungulira pang'onopang'ono, kenako zithunzi ziwiri zija motsatizana. Vidiyo ithere pomwepo. Kupempha anthu kuti atsatire tsamba kungalembedwe pansi.

Cholakwika chofala polumikiza ndi kudumphira ku tsitsi munthu atangoyamba kudabwa, kapena kudzaza masekondiwo ndi kung'anima, kugwedeza chithunzi ndi kuchedwetsa kopitirira muyezo. Chizindikiro chakuti zalakwika chimaoneka pa mzere umene YouTube ndi TikTok amapatsa mwini vidiyo, wosonyeza pomwe anthu akusiyira. Ukagwa pakati, gawo la ntchito latalika kapena laulula msanga. Ukagwa mpando utangozungulira, chimene chinalonjezedwa sichinaoneke.

Vidiyo ya ku Palma ija inachitanso chinthu china chanzeru. Galasi litatha, bamboyo anabwerera pabwalo pomwe ankagwira ntchito, ndipo anthu omuona tsiku ndi tsiku ena sanamuzindikire. Uku ndi kuulula kwachiwiri, kudzera m'maso mwa ena. Pulogalamu ya Today ku Amereka inkachita zofanana pa gawo lake la Ambush Makeover, pomwe achibale ankamangidwa kumaso mpaka wokonzedwayo atatulukira. M'babashopu angakhale mkazi wake wodikira panja kapena mnzake amene anamuperekeza, bola asakhale atasuzumira.

Si kasitomala aliyense amene amalira kapena kukuwa. Bambo wachikulire angangogwedeza mutu n'kunena kuti zili bwino, ndipo kugwedezako kukasiyidwa nthawi yake kumakhudza mtima kuposa kukuwa kopempha. Ena sakondwa n'komwe ndi kametedweko, ndipo kamera imaona zimenezo. Apa chilolezo chimafunika kawiri: asanayambe kujambula, ndiponso munthu ataona vidiyo yomalizidwa, makamaka ngati walira kapena wanena za mavuto ake. Joshua Coombes, wometa wa ku Britain amene anayamba kumeta anthu osowa pokhala m'misewu mu 2015, anadziwika chifukwa choika nkhani ya munthu pambali pa zithunzi zake, osangoti tsitsi lokha. Mwana akakhala pampando, wololeza ndi kholo, ndipo kasitomala akakana ataona vidiyo, wometa aifufute ngakhale itakoma bwanji.